Bizinesi ikagulitsidwa kwa bwana watsopano, kontilakiti yanu ndi zaka zomwe mwagwira zimapita kuti?

Chinthu choyamba choti muchigwiritsitse ndi ichi, bizinesi ikagulitsidwa ntchito yanu siyitha, ndipo zaka zomwe mwagwira sizifufutika. Izi sikuti ndi chifundo cha bwana watsopano ayi, ndi lamulo. Lamulo la zolembana ntchito la 2000, lija a leba amangoti Empuloyimenti Akiti, pa sekishoni 32 likunena kuti bizinesi kapena mbali yake ikagulitsidwa kapena kuperekedwa kwa munthu wina, kontilakiti ya aliyense amene ali pantchito pa tsiku logulitsalo imasamukira yokha kwa wogulayo, simufunika kufunsiranso ntchito, simufunika intavyu, ndipo zonse zomwe zinalipo pakati pa inu ndi bwana wakale zimakhala ngati zinali pakati pa inu ndi bwana watsopanoyo. Sekishoni 42 nde imamanga mfundo, imati nthawi yomwe mwagwira kwa mabwana awiriwa imawerengedwa ngati nthawi imodzi yosadukiza. Ndekuti ngati munayamba 2012, olo chikwangwani cha pageti chisinthe katatu, inuyo munayamba 2012 basi.

Koma anthu ambiri muno mu Blantyre amaluza zaka zawo lamulo lilipo chomwechi, ndipo samaluza kukhothi ayi, amaluza mu ofesi ya bwana tsiku lomwe apatsidwa pepala nkuuzidwa kuti "sayinani apa, ndi zongokonza mafayilo". Nde tiyeni tiyende bwinobwino kuyambira pomwe mwangomva mphekesera mpakana pomwe zafika poipa.

Mukangomva kuti kampani ikugulitsidwa, yambani mwafufuza kuti chikugulitsidwa nchiyani kwenikweni, chifukwa kugulitsa kulipo kwa mitundu ingapo ndipo anthu amangokuphatikiza. Pali kugulitsa masheya, apa kampani ndi yomweyo, eni ake okha ndi amene asintha. Mukukumbukira Zain inasanduka Airtel mu 2010, kapena Castel itagula masheya a Carlsberg Malawi mu 2016, kumeneko ndi kusintha kwa eni a kampani. Zikakhala za masheya wokulembani ntchito sanasinthe nkomwe, pamalamulo bwana wanu ndi kampaniyo osati munthu amene ali ndi masheya, nde palibe chosamutsa, kontilakiti ili pomwe inali. Wina akabwera nkumati "eni atsopano akufuna aliyense ayambirenso", ameneyo alibe poyambira.

Mtundu wachiwiri ndi omwe umavuta, ndipo ndi omwe umachitika kwambiri mmashopu a ku Limbe, mmagalaja a ku Ginnery Corner, mmasukulu apulaiveti, mmafilingi siteshoni ndi mmalo ogona alendo. Mwini wake wagulitsa bizinesi yeniyeniyo, malo, katundu, makasitomala, kwa munthu wina kapena kampani ina, ndipo mawa lake geti latsegulidwa malonda akupitilira. Apa wokulembani ntchito wasinthadi, ndipo apa mpomwe sekishoni 32 imagwira ntchito. Sizikufunika kuti agulitse bizinesi yonse, olo atagulitsa nthambi imodzi yokha, mwachitsanzo shopu ya ku Ndirande nkusiya ya mtauni, amene mumagwira ku nthambi yogulitsidwayo mumapita nayo limodzi.

Mtundu wachitatu ndi kungogulitsa katundu. Bwana watseka, wagulitsa uvuni kwa uyu, lole kwa uyo, nyumba yabwerekedwa kwa a tchalitchi. Apa palibe bizinesi yomwe yasamuka, nde palibenso bwana watsopano woti mumutsate, zanu zonse mukafunse kwa bwana wakale yemweyo, notisi, sevarensi yomwe ndi ndalama ya zaka zomwe mwagwira yoperekedwa akakuchotsani ntchito, masiku a tchuthi. Njira yosiyanitsira ndi kuyang'ana ndi maso, kodi malonda omwe aja akupitilira, pamalo pomwe paja kapena ndi makasitomala omwe aja, ndi zipangizo zomwe zija? Ngati yankho ndi eya, musalole kuti akuuzeni zoti "ife tinangogula katundu, antchito sitinagule". Mawu amenewa muwamva ndithu, amawakonda. Ndipo ngati kampani yagwa ndi ngongole mpaka yalowa mmanja mwa wothetsa kampani, imeneyo ndi nkhani ina, sekishoni 34 imati makontilakiti amatha pakapita mwezi umodzi chigwereni pokhapokha ngati bizinesiyo ikupitilirabe kuyenda kapena yasamutsidwa, nde pamenepo thamangani ku leba msanga musadikire.

Mudziwenso kuti amene amasamuka ndi wolembedwa ndi bizinesi yogulitsidwayo. Alonda amene anachita kutumizidwa ndi kampani ya zachitetezo, kapena okolopa a kampani yoyeretsa, bwana wawo ndi kampani yawo ija, kugulitsaku sikukhudza makontilakiti awo olo akhala pageti pomwepo zaka 10.

Mukadziwa mtundu wake, chotsatira ndi kusonkhanitsa mapepala, ndipo izi muchite bwana wakale asanachoke chifukwa akangopereka makiyi mafayilo amasowa, wa akaunti amasintha, ndipo watsopanoyo adzakuuzani kuti iye sanapeze kalikonse mu kabati. Chomwe mukufuna kwambiri ndi umboni wa tsiku lomwe munayamba ntchito. Kalata yokulembani ntchito ngati muli nayo, kontilakiti yoyamba, peyisilipi yakale kwambiri yomwe mungaipeze ndi zitatu zaposachedwa, sitetimenti ya kubanki yoonetsa malipiro akulowa, sitetimenti ya penshoni, chiphaso cha kuntchito, makalata okukwezani kapena okuwonjezerani malipiro. Jambulani zonse pafoni koma musasiye pafoni pokha, foni imabedwa mu minibasi, dindani makope musunge kunyumba. Ambiri mmashopu munalembedwa pakamwa ndipo mumalandira pamanja, sikuti ndiye kuti mulibe kontilakiti ayi, ya pakamwa ndi kontilakiti ndithu, koma umboni ndi umene umavuta, nde jambulani buku losayinira malipiro kapena lejisitala ya mmawa pomwe pali dzina lanu, ndipo pemphani bwana wakale akulembereni kalata yaifupi yonena kuti munayamba liti, ntchito yanji, malipiro angati. Nthawi yabwino yopempha ndi imeneyi, munthu amene akuchoka savuta kusayina chifukwa akuona ngati sizikumukhudzanso.

Kenako khalani pansi muwerengere zomwe kampani ili nanu ngongole kufika tsiku logulitsa. Masiku a tchuthi omwe simunatenge, paja lamulo limapereka masiku osachepera 18 pachaka kwa wogwira masiku 6 pasabata ndi 15 kwa wogwira masiku 5. Ovataimu yosalipidwa, malipiro otsalira, ma alawansi. Ndipo penshoni, iyi nde muiyang'anitsitse, chifukwa mabwana ambiri amene akugulitsa amakhala kuti zinthu zinayamba kale kuvuta ndipo chinthu choyamba kusiya kulipira chimakhala penshoni, pa peyisilipi akudula 5 peresenti yanu mwezi ndi mwezi koma osatumiza, yawo 10 peresenti osatumizanso. Pitani nokha ku kampani yosunga penshoni yanu mukapemphe sitetimenti muone mwezi womaliza womwe ndalama inalowa. Kwa munthu wa K260,000 pamwezi, 15 peresenti ndi K39,000, miyezi 8 yosatumiza ndi K312,000, si ndalama yoti nkuingoisiya. Ndalama yomwe inalowa kale ku penshoni ndi yanu, siili mgulu la katundu wogulitsidwa, bwana watsopano olo akhale ndi kampani ina ya penshoni ndalamayo siitayika. Yosatumizidwayo ndi ngongole, ndipo ngongole za kwa antchito zimamutsata wogula. Nkhani ya penshoni yosatumizidwa mutha kukaidandaulanso ku banki yayikulu ya Rizevu, ndi amene amayang'anira za penshoni.

Mukawerengera, lembani kalata imodzi, bola mulembe ngati gulu kapena kudzera ku yuniyoni ngati ilipo, yopita kwa wogulitsa ndi wogula onse awiri. Isakhale yaukali, ingofunsa zinthu zomveka, tsiku lenileni lomwe bizinesi ikusamuka, dzina lenileni la wolemba ntchito watsopano monga linalembetsedwera kuboma, komanso ndandanda wa antchito onse woonetsa tsiku loyambira la aliyense, malipiro ake ndi masiku a tchuthi otsala, wosayinidwa ndi mbali zonse ziwiri. Sungani kope yodindidwa kuti alandira. Mwina akuyankhani kuti "tinagwirizana kuti ngongole zakale ndi za wogulitsa". Zimenezo ndi zawo awiriwo, akabwezerane okha, mgwirizano wawo wogulitsana sungachotse zomwe lamulo lakupatsani inu amene simunasayine nawo. Inu amene mukumuona tsiku ndi tsiku ndi wogula, ndipo ndi amene lamulo lamusenzetsa.

Tsopano tifike pa pepala lija, pomwe pamagona nkhani yonse. Limabwera mmaonekedwe atatu, ndipo onse amaoneka osalakwa.

Loyamba ndi kalata yosiya ntchito. Amakuuzani kuti "lembani kuti mwasiya ku kampani yakale kuti tikulembeni ku yatsopano, ndi mwambo chabe". Musalembe, chonde abale musalembe. Kuyambira pomwe lamulo linasinthidwa mu 2010, sevarensi imaperekedwa pokhapokha ntchito ikatha chifukwa chochepetsa antchito, mavuto azachuma kapena kusintha kwa kayendetsedwe ka kampani, kapena mukachotsedwa mopanda chilungamo. Wosiya yekha salandira sevarensi. Nde mukalemba kalata ija mwadzidula nokha kawiri, kwa bwana wakale mulibe chanu chifukwa mwasiya mwakufuna kwanu, kwa watsopano adzati pa tsiku logulitsa simunali pantchito nde sekishoni 32 sikukukhudzani. Mutha kudzalimbana nazo kukhothi kuti munakakamizidwa, koma mudzakhala mukulimbana ndi siginecha yanu yomwe.

Lachiwiri ndi kontilakiti yatsopano. Kusayina kontilakiti yokhala ndi dzina la bwana watsopano pakokha si vuto, nthawi zina nzabwino kumene makamaka kwa amene munalibe pepala lililonse. Vuto ndi zomwe zalembedwa mkatimo, nde pemphani mupite nayo kunyumba mukawerenge, wokana kukupatsani olo usiku umodzi ndekuti muli chinachake. Yang'anani tsiku loyambira ntchito, ngati alemba tsiku logulitsa mmalo mwa tsiku lanu lenileni, auzeni awonjezere mzere wonena kuti zaka zomwe munagwira kwa bwana wakale kuyambira tsiku lakuti zikuwerengedwa ngati ntchito yosadukiza. Yang'anani ngati muli mawu a pulobeshoni, munthu wa zaka 11 pantchito sangabwererenso pa pulobeshoni chifukwa choti bwana wasintha, ndipo kuopsa kwake nkoti wa pa pulobeshoni atha kuchotsedwa popanda notisi ndipo salandira sevarensi. Yang'anani ngati ntchito yanu yokhazikika aisandutsa ya chaka chimodzi chomangowonjezera, chifukwa chakacho chikatha adzangoti kontilakiti yatha sitinakuchotseni. Kenako malipiro, alawansi ya nyumba, maola, zonse zifanane ndi zakale kapena zipose. Akaumirira kuti musayine pompo, lembani pamwamba pa siginecha yanu kuti mukusayina posataya zaka zanu ndi ufulu wanu wa pa sekishoni 32 ndi 42, ikani deti, jambulani. Sizithetsa zonse koma zimaonetsa kuti simunavomere kuyambiranso.

Lachitatu ndi lija lolandirira ndalama, lomwe pansi pake pamalembedwa kuti mwalandira zonse ndipo simudzafunsanso kanthu. Akupatsani ya masiku a tchuthi yokha, mwina K90,000, inu nkusayina kuti zonse zatha. Ngati mukulandira ya tchuthi, pepala linene kuti ndi ya tchuthi basi.

Kuti muone kuti tsiku loyambira ndi ndalama zingati, tiyerekeze mayi wina amene amagwira pa bekale ina ku Limbe, anayamba Malichi 2012, amalandira K260,000 pamwezi. Bekale yagulitsidwa Meyi 2023, ntchito ikupitilira, kenako Seputembala 2024 bwana watsopano wagula makina ndipo akuchepetsa antchito, mayiwa ali mgulu. Sevarensi imawerengedwa pa zaka zathunthu, zaka 5 zoyamba malipiro a masabata 2 pa chaka chilichonse, chaka cha 6 mpaka cha 10 masabata 3 pa chaka, kuyambira chaka cha 11 kupita mtsogolo masabata 4 pa chaka. Malipiro a sabata tipeze potenga K260,000 kuchulukitsa ndi miyezi 12 nkugawa ndi masabata 52, ikutuluka K60,000. Ena a akaunti amangogawa malipiro a mwezi panayi, nde muziwafunsa njira yomwe agwiritsa, koma ife titsate iyi.

Kuchokera Malichi 2012 kufika Seputembala 2024 ndi zaka 12 zathunthu, miyezi yapamwambayo siwerengedwa. Zaka 5 zoyamba zikupereka masabata 10, zaka 5 zotsatira masabata 15, zaka 2 zomaliza masabata 8, onse pamodzi masabata 33, kuchulukitsa ndi K60,000 ndi K1,980,000. Ndipo yonseyi akulipira ndi bwana watsopano olo wakhala nawo mayiwa chaka chimodzi ndi miyezi yochepa, nchifukwa chake ogula ochenjera amatsitsa mtengo wogulira akaona kuti pali antchito okhalitsa, ndipo ogula ena nde amabwera ndi mapepala aja. Tsopano tinene kuti mayiwa analemba kalata yosiya nkusayina kuti ayamba Meyi 2023, chaka chathunthu ndi chimodzi, masabata 2, K120,000. Kusiyana kwake ndi K1,860,000, pa siginecha imodzi. Akanawachotsa Febuluwale 2024 chaka chisanakwane, sakanapeza olo tambala ya sevarensi.

Sizithera pa sevarensi pokha. Khothi likapeza kuti munthu wachotsedwa mopanda chilungamo, chipukuta misozi chochepetsetsa chimatengeranso zaka, wa zaka zosapyola 5 ndi sabata imodzi pa chaka chilichonse, wopyola 5 mpaka 10 masabata 2, wopyola 10 mpaka 15 masabata 3, wopyola 15 mwezi wathunthu pa chaka. Mayi athu aja ndi zaka 12 poyambira pake ndi masabata 36, K2,160,000, pomwe ndi chaka chimodzi ndi K60,000. Tchuthi cha matenda cholipidwa, masabata 4 malipiro onse ndi masabata 8 theka, chimayamba munthu akakwanitsa miyezi 12 yosadukiza, nde wongoyambiranso akadwala mwezi wachitatu adzauzidwa kuti sanafike. Kwa olandira pasabata kapena patsiku, kutalika kwa notisi nakonso kumakwera ndi zaka, wa pamwezi yekha ndi amene notisi yake ndi mwezi umodzi kaya wakhala nthawi yaitali bwanji.

Pali funso lomwe limagawanitsa antchito nthawi zonse pa nkhani ngati iyi, loti bwanji bwana wakale angotilipira zathu tiyambirenso bwinobwino kwa watsopanoyo? Choyamba dziwani kuti simungamukakamize, kugulitsa pakokha sikubala sevarensi chifukwa ntchito sinathe. Koma zimachitika kuti wogula amakana kutenga zaka, nde wogulitsa amachotsa onse mwa dongosolo, kulipira notisi ndi sevarensi yonse, wogula nkulemba amene akuwafuna. Tiwerengere mayi aja, Meyi 2023 anali ndi zaka 11 zathunthu, masabata 10 kuphatikiza 15 kuphatikiza 4 ndi 29, K1,740,000 mmanja. Kudzachotsedwa 2024 nkulandira K120,000, zonse K1,860,000, kuchepera ndi K120,000 pa ija ya K1,980,000. Zikuoneka ngati kusiyana nkochepa, koma kumakula chaka ndi chaka chifukwa iwo anali atafika kale pa masabata 4 pa chaka ndipo abwerera pa 2, komanso sevarensi imawerengedwa pa malipiro a nthawi yochotsedwa, nde malipiro akakwera zaka zonse zakale zimakwera nawo limodzi. Mbali inayi, ndalama ya mmanja ndi ya mmanja, amene tinaona kwacha ikugwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 tikudziwa kuti kudikira kulinso ndi mtengo wake, ndipo ngati wogulayo akuoneka wosakhazikika, wongobwereka ndalama, wosadziwa malondawo, zaka zanu mwazisungitsa mu thumba lobooka. Ineyo maganizo anga, ngati wogula ndi kampani yolimba sungani zaka, ngati ndi wokayikitsa ndipo wogulitsa akulipiradi yonse mowerengera bwino, landirani, koma ndalama ilowe kaye mu akaunti musanasayine chilichonse, ndipo kalata inene kuti mwachotsedwa chifukwa cha kusintha kwa bizinesi osati mwasiya nokha. Chomwe sindingavomere ndi chapakatichi, zaka afufuta ndalamanso osapereka.

Kusamukaku kuli ndi mbali yomwe anthu saikonda kumva. Sizabwino zokha zomwe zimakutsatani. Kalata ya chenjezo yomwe munapatsidwa mwezi watha imapita nanu, adivansi kapena ngongole yomwe munatenga ku kampani mupitiliza kubweza kwa watsopanoyo, mlandu wa disipulini womwe unayambika atha kuupitiliza. Komanso ngati simukumufuna bwana watsopanoyo palibe angakukakamizeni kugwira, koma mukachoka ndekuti mwasiya nokha, sevarensi palibe. Lamulo limanenanso kuti wokana popanda chifukwa chomveka ntchito yomwe wapatsidwa pamalo omwewo ndi malipiro osachepera akale, sevarensi samulipira. Nde osanyanyala tsiku loyamba, bwerani kuntchito nthawi yake, sayinani lejisitala, olo zinthu zisakumveka bwino, kuti wina asadzanene kuti munathawa ntchito.

Bwana watsopano nayenso ali ndi mphamvu zomwe wakale anali nazo, osati zoposa. Atha kuchepetsa antchito ngati pali chifukwa chenicheni cha kayendetsedwe ka bizinesi, koma alipire notisi ndi sevarensi ya zaka zonse. Atha kuchotsa munthu pa mlandu, koma pakhale chifukwa chomveka ndipo amumve kaye mbali yake monga ikunenera sekishoni 57. Chomwe sangachite ndi kudula malipiro kapena kukutsitsani udindo payekha inu osavomera. Miyezi itatu yoyamba muziyang'ana peyisilipi mzere ndi mzere nkuifananiza ndi yakale, ngati ili ndi malo a tsiku loyambira onani kuti alemba liti, onani masiku a tchuthi ngati sanabwerere pa ziro, ndipo pakatha miyezi iwiri kapemphenso sitetimenti ya penshoni. Mukaona cholakwika lembani kalata sabata yomweyo, chifukwa mukalandira malipiro odulidwa chaka chonse muli chete adzati munavomera. Zikafika poti akukuzunzani dala kuti mutope muchoke, sekishoni 60 imalola munthu kuchoka nkukasuma ngati wochotsedwa, koma iyi ndi njira yoterera, umboni wake umafunika wolimba, musachoke musanakafunse kaye ku leba kapena kwa loya.

Pali kachenjerero kena koti antchito okhalitsa amachotsedwa sabata imodzi kapena ziwiri kugulitsa kusanachitike, kuti pa tsiku lenilenilo asapezeke pa ndandanda. Chizindikiro chake nchoti amene achotsedwa ndi akale okhaokha, ntchito zawo zikadalipo, ndipo mwezi wotsatira palembedwa anyamata atsopano pa malo omwewo. Zikakuchitikirani sungani kalata yokuchotsaniyo, lembani tsiku lomwe wogula anayamba kuyendetsa bizinesi ndi maudindo omwe alembapo anthu ena, ndipo podandaula tchulani onse awiri, wogulitsa ndi wogula. Pa mlandu wochotsedwa ntchito, amene amayenera kupereka chifukwa ndi kuonetsa kuti chinali chomveka ndi bwana osati inu.

Zikakanika kukambirana, njira yake imayambira ku ofesi ya leba ya boma la Blantyre, ndipo apa nthawi ndi yofunika kwambiri, dandaulo la kuchotsedwa mopanda chilungamo kapena la sevarensi yosalipidwa lipite pasanathe miyezi 3. Ambiri amaononga miyezi imeneyi akuyenderera ku geti, bwana watsopano akuti pitani kwa wakale, wakale foni sakuyankha kapena anasamukira kunja. Musazungulire nawo, malipiro ndi zotsalira za munthu amene ntchito yatha zimayenera kuperekedwa pasanathe masiku 7, akadutsa amenewo pitani ku leba. Tengani makope a mapepala onse aja, chiphaso cha unzika, kalata yokuchotsani, ndi pepala limodzi lomwe mwalembapo nokha mawerengero anu monga tachitira ndi mayi a ku bekale, tsiku loyamba, tsiku logulitsa, tsiku lochotsedwa, malipiro, masabata. Pemphaninso setifiketi yosonyeza kutha kwa ntchito, sekishoni 31 imati bwana apereke mukaipempha, ndipo muonetsetse kuti deti loyambira pamenepo ndi la 2012 lija osati la tsiku logulitsa. Wa leba amaitana mbali zonse kuti mugwirizane, zikalephereka pakatha mwezi nkhani itha kupita ku khothi la nkhani za ntchito, lija timangoti IRC, lomwe lili konkuno ku Blantyre, ndipo pochoka ku leba musaiwale kutenga kalata yokutumizani kukhothiko. Polemba dzina la amene mukumusumira, lembani dzina la kampani monga lilili pa peyisilipi yaposachedwa kapena pa kalata yokuchotsani, osati dzina la pa chikwangwani kapena la manijala, ndipo ngati muli angapo amene zakuchitikirani zofanana kasumeni limodzi, aliyense ndi pepala lake la mawerengero.